Maola 16 pa munthu mmodzi: momwe tinalemberanso zolinga ndi bajeti ya ntchito ya alangizi a m'dera

Pempho lathu loyamba linabwezedwa ndi ndemanga za tsamba limodzi. Ndinali woyang'anira mapulojekiti m'bungwe laling'ono, ndipo pempholo ndinalemba ndine, mothandizana ndi mnzathu wowerengera ndalama komanso namwino wa matenda a m'maganizo amene tinkagwira naye ntchito. Tinkapempha ndalama za chaka chimodzi zoti tiphunzitse anthu wamba 10, amene sanaphunzire za chipatala, kuti azipereka uphungu kwa akuluakulu ovutika ndi nkhawa komanso kukhumudwa kosatherapo. Mmodzi mwa owunika analemba kuti: "Zolinga zanu ndi za kafukufuku wamkulu, bajeti yanu ndi ya maphunziro a masiku ochepa, ndipo sindikuona amene adzayang'anire alangiziwa akakumana ndi munthu wofuna kudzipha." Ndinakhala sabata yathunthu ndisanavomereze kuti munthuyo ananena zoona pa mfundo zonse zitatu.

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa cha anzanga amene akukonza mapempho a mtundu womwewu. Mayina a bungwe, opereka ndalama ndi anthu ndawasiya, ndipo ndalama ndazitchula m'magawo a 100 kuti aliyense ayerekeze ndi zake.

Zimene tinalemba poyamba

Maganizo a ntchitoyo sanali olakwika. Umboni woti anthu wamba ophunzitsidwa bwino angathe kuthandiza anzawo ulipo ndithu. Ku Pakistan, kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2008 anaonetsa kuti azaumoyo a m'midzi anathandiza amayi oyembekezera amene anali ndi matenda okhumudwa. Ku Zimbabwe, ntchito ya Friendship Bench, imene anayambitsa Dixon Chibanda, inaonetsa m'kafukufuku wa mu 2016 kuti kukumana kasanu ndi kamodzi ndi mlangizi wamba kunachepetsa mavuto a odwala. Ife tinasankha njira ya bungwe la WHO yotchedwa PM+, imene buku lake linatuluka mu 2016. M'njirayi mlangizi amakumana ndi munthu kasanu, kamodzi pa sabata, kwa mphindi 90, ndipo amamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono kuti mtima ukhale pansi, kugawa vuto n'kulithetsa pang'onopang'ono, kuyambiranso zochita zimene anasiya, ndi kulimbitsa ubale ndi anthu omuzungulira.

Cholakwika chinali m'mene tinalembera. Cholinga choyamba chinali "kuchepetsa matenda okhumudwa ndi 30 peresenti". Chachiwiri chinali "kufikira anthu 500". Chachitatu chinali "kudziwitsa anthu za umoyo wa m'maganizo", mawu amene ndinawaika chifukwa ankamveka bwino basi. Mu bajeti, ndalama zambiri zinapita ku maphunziro, zipangizo ndi misonkhano. Alangizi tinawalemba kuti ndi odzipereka, ndipo mzere wawo unali ndi ndalama za mayendedwe zokha. Namwino uja tinamuika masiku 10 a maphunziro, kenako dzina lake silinaonekenso. Tsamba lofotokoza bajeti linkangobwereza zimene zinali m'tebulo, monga "maphunziro: ndalama zophunzitsira alangizi". Limeneli silinali kufotokoza konse, chifukwa wowerenga sakanadziwa kumene nambala iliyonse yachokera.

Tsiku limene tinawerengera maola

Zinthu zinatembenuka titakhala pansi atatufe kuti tiyambenso. Mnzathu wowerengera ndalama sanafune kuona tebulo lakale. Anatenga pepala loyera n'kufunsa namwino kuti, "Amayi, munthu mmodzi amadya maola angati a mlangizi, kuyambira tsiku loyamba mpaka kutsanzikana?"

Tinayamba kuwonkhetsa. Kukumana kasanu kwa mphindi 90 ndi maola 7 ndi theka. Kupatula kasanu kameneka, kukumana koyamba, kofotokozera ndi kumva vuto la munthu, komanso komaliza, kuli ndi ola limodzi kulikonse, ndiye maola awiri. Kukonzekera ndi kulemba zimene zachitika kumatenga theka la ola pa kukumana kulikonse, ndiye maola awiri ndi theka. Apa tafika 12. Namwino anati tisadzinamize, anthu ovutika maganizo amajomba, ndipo kujombako ndi mbali ya matendawo, osati mwano. Tinaika maola awiri odikira munthu amene sanabwere ndi kumufunafuna. Tinaikanso awiri a ulendo wa mlangizi, poganiza kuti aziona anthu awiri kapena atatu pa ulendo umodzi. Zonse pamodzi zinakwana maola 16.

Kenako tinaona mbali inayo. Anthu amene tinkafuna kuwatenga ali ndi ntchito zawo ndi mabanja awo, ndipo amene tinawafunsa anati angathe maola 12 pa sabata. Awiri mwa amenewo ndi okumana ndi woyang'anira wawo, amene ndi namwino uja, ndiye otsala ndi 10. Chaka chimodzi nachonso si chaka chathunthu chothandiza anthu. Miyezi itatu imathera pa chilolezo cha komiti yoteteza anthu pa kafukufuku, kumasulira mabuku ndi kusankha alangizi. Iwiri imathera pa maphunziro ndi kuyeserera. Iwiri yomaliza ndi yowerengera zotsatira ndi kulemba lipoti. Yotsala ndi isanu, pafupifupi masabata 20. Alangizi 10, maola 10 pa sabata, masabata 20, zikupereka maola 2,000. Anthu 500 aja ankafunika maola 8,000.

Tinali titalonjeza ntchito yochuluka kanayi kuposa imene manja athu akananyamula. Chimene chimandikhudza mpaka lero n'chakuti akanatipatsa ndalamazo, katundu yenseyo akanagwera alangizi osalipidwa, ndipo akanayamba kudula nthawi ya odwala kuti nambala ikwane.

Zolinga zatsopano

Cholinga cha 30 peresenti ndi chimene chinandivuta kusiya, chifukwa ndinkaona ngati ndicho chikoka cha pempho lonse. Koma ntchito yoyesera ya anthu osakwana 100, yopanda gulu lina loyerekezera nalo, singathe kutsimikiza kuti uphungu ndi umene wachiritsa anthu. Anthu amabwera kudzafuna thandizo pamene zinthu zafika poipa, ndipo ambiri amapezako bwino pakapita masabata angapo ngakhale osalandira kanthu. Manambala atsika ndithu, koma sudziwa kuti watsitsa ndani. Wowunika wodziwa ntchito akaona cholinga chotere amadziwiratu kuti olembawo sakusiyanitsa ntchito yoyesera ndi kafukufuku wotsimikiza.

Ntchito yoyesera ili ndi funso lake, loti kodi chinthuchi chingatheke kuno, ndi anthu awa, popanda kuika miyoyo pangozi, ndipo chingadye zingati. Tinalemba zolinga zinayi zochokera pa funso limeneli, ndipo nthawi tinaikweza kufika miyezi 18 kuti masabata othandiza anthu akhale 24.

Choyamba chinali cha alangizi: kuphunzitsa 12, ndipo osachepera 8 akhoze mayeso a luso n'kugwira ntchito mpaka pamapeto. Luso tinati tidzaliyeza ndi chida chotchedwa ENACT, pamene mlangizi amachita sewero loyeserera ndi munthu wonamizira kudwala, woyesa n'kumaona ngati akumvetsera, ngati akufotokoza za chinsinsi, ndiponso ngati akufunsa za maganizo odzipha mosachita mantha. Tinaphunzitsa 12 pofuna 8 chifukwa ena sakhoza ndipo ena amachoka, ndipo zimenezi tinazilemba poyera m'pempho kuti asadabwe ndi anayi owonjezerawo.

Chachiwiri chinali cha odwala: kulandira anthu 96, ndipo 70 pa 100 alionse amalize kukumana kanayi kapena kasanu. Alangizi 8 pa masabata 24 akanatha anthu 15 aliyense, koma tinaika 12, kusiya mpata wa matenda, tchuthi ndi zovuta za m'banja. Pa cholinga chimenechi tinaika malire atatu tisanayambe. Kuyambira 70 kupita m'mwamba, ntchito ikule. Pakati pa 50 ndi 69, ikonzedwe kaye. Pansi pa 50, iime. Tinafotokozanso chifukwa chimene 96 ndi nambala yokwanira: ngati omaliza atakhala 70 pa 100, chiwerengerocho chingaphonye ndi pafupifupi 9 kumwamba kapena kumunsi, ndipo zimenezi n'zokwanira kusiyanitsa ntchito yoyenda ndi yolephereka.

Chachitatu chinali cha chitetezo. Posankha odwala tinkagwiritsa ntchito mafunso oyezera kukhumudwa otchedwa PHQ-9, amene ali ndi mafunso 9 ndipo malikisi ake amayambira 0 kufika 27. Tinkalandira amene apeza 10 kapena kuposerapo. Funso lomaliza limafunsa ngati munthu wakhala akuganiza kuti kuli bwino atangofa kapena kudzivulaza. Tinalonjeza kuti aliyense woyankha kuti inde, kaya pa mafunsowo kaya ali ndi mlangizi, adzalankhula ndi namwino pasanathe maola 24, ndipo wotumizidwa kuchipatala adzakhala atafika pasanathe masiku 7. PM+ si ya munthu amene ali pafupi kudzipha kapena amene mutu wasokonekera kwambiri, choncho njira yotumizira anthu otere inayenera kukhalapo tsiku loyamba lisanafike.

Chachinayi chinali kupeza mtengo weniweni wothandizira munthu mmodzi, titalekanitsa ndalama zoyambira, monga kumasulira ndi maphunziro, ndi ndalama za mwezi ndi mwezi. Malikisi a PHQ-9 a pamapeto tinawasiyabe m'pempho, koma tinalemba kuti chimene tikuyesa n'chakuti kodi tingathe kuwapezanso anthuwo n'kuwafunsa, osati kuti achira bwanji. Cholinga cha "kudziwitsa anthu" tinachichotsa chifukwa panalibe amene akanatha kunena kuti chatheka kapena ayi.

Kufotokoza bajeti mzere ndi mzere

Lamulo limene tinadziikira linali lakuti mzere uliwonse uloze cholinga, ndipo cholinga chilichonse chikhale ndi mzere wochinyamula. Pa mzere uliwonse tinayankha zinthu zitatu m'ziganizo zingapo: chinthucho n'chochuluka bwanji, nambalayo yachokera kuti, ndipo chikachotsedwa ndi cholinga chiti chimene chigwe.

Pa magawo 100 a ndalama zonse, alawansi ya alangizi inatenga 20, woyang'anira 15, woyendetsa pulojekiti 13, maphunziro 12, ndipo anthu awiri ofunsa mafunso pamodzi ndi wowerengera zotsatira anatenga 9. Mayendedwe ndi foni zinali 7, matabuleti olembera 5, thumba lotumizira odwala kuchipatala 4, msonkhano wotsekera 3, kumasulira ndi chilolezo 3. Zoyendetsera ofesi zinali 9, chifukwa opereka ndalamawo salola kupitirira 10 peresenti ya ndalama za ntchito yeniyeniyo, ndipo 10 peresenti ya 91 ndi pafupifupi 9. Pempho loyamba ndinalakwitsa pamenepa powerengera 10 peresenti ya ndalama zonse.

Mizere iwiri ndi imene tinaitayira nthawi. Woyamba ndi wa woyang'anira. M'malo molemba kuti "namwino, masiku awiri pa sabata", tinaonetsa kumene masikuwo akupita. Alangizi tinawagawa magulu awiri, gulu lililonse likumana naye maola awiri pa sabata, ndiye maola anayi. Anthu 96 kukumana kasanu ndi maulendo 480, ndipo tinalonjeza kuti limodzi mwa 10 alionse adzalimvetsera, mwini atalola, n'kukambirana ndi mlangizi pambuyo pake. Amenewa ndi maulendo 48 a maola awiri, kutanthauza maola anayi pa sabata. Ena anayi ndi oyankha foni ndi kuona anthu a cholinga chachitatu, ndipo anayi omaliza ndi a ulendo ndi zolemba. Onse pamodzi ndi maola 16 pa 40. Tinamaliza ndi chiganizo chonena kuti popanda maola amenewa cholinga chachitatu sichingatheke, ndipo choyamba sichingayezedwe.

Wachiwiri ndi wa alawansi. Pano tinatsutsana tokhatokha. Ine ndinkaopa kuti opereka ndalama anena kuti ntchito yolipira alangizi idzafa ndalama zikatha. Namwino anandiyankha kuti munthu amene akupereka maola 12 sabata iliyonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, kumvetsera za nkhanza, ngongole ndi imfa, akugwira ntchito, ndipo ngati boma kapena bungwe lina lidzaitenge ntchitoyi liyenera kudziwa mtengo wake weniweni. Mfundo imeneyo inandigonjetsa, chifukwa inali cholinga chachinayi chenichenicho. Mtengo wowerengedwa ndi anthu osalipidwa ndi wabodza. Tinawerengera alawansi pa ola, molingana ndi zimene azaumoyo a m'dera a msinkhu womwewo amalandira, kuphatikizapo maola a maphunziro ndi okumana ndi woyang'anira. Tinakana kulipira potengera chiwerengero cha odwala, chifukwa zikatero mlangizi amathamangira kulandira anthu ambiri n'kumapewa ovuta.

Anthu ofunsa mafunso tinawafotokoza mwachidule: mlangizi sayenera kuyeza yekha wodwala wake pamapeto, chifukwa wodwala amafuna kumusangalatsa. Tinaganiza kuti tidzafunsa anthu anayi kuti tipeze mmodzi woyenera, ndipo tinalemba kuti nambala imeneyi ndi yongoyerekeza.

Atatiuza kuti tidule

Pempho lachiwiri linadutsa, koma ndi kalata yoti tichotse magawo 10. Wogwira ntchito wa opereka ndalama amene ankatiyang'anira anali munthu wabwino ndipo anatipatsa maganizo ake pafoni: woyang'anira azikumana ndi alangizi kamodzi pa masabata awiri, ndipo alawansi ichepe ndi theka. Kwa iye imeneyi inali mizere ikuluikulu iwiri, ndiye yosavuta kudula.

Apa ndi pamene tsamba lofotokoza bajeti linatipulumutsa. Sitinafunike kukangana. Tinamutumizira maola 16 a namwino aja n'kumufunsa kuti tichotse ati. Tinamuonetsa kuti wodwala amakhala ndi mlangizi masabata asanu okha, choncho kukumana kamodzi pa masabata awiri kukutanthauza kuti mlangizi wosokera angafike pakati pa ntchito ndi munthu asanawongoledwe. Tinanenanso mosabisa kuti ngati mizere iwiriyi iyenera kuchepa, ndiye tichepetse odwala ndi alangizi, osati kusiya 96 ali pomwepo.

M'malo mwake tinachotsa matabuleti n'kubwerera ku mapepala osungidwa m'kabati yokhoma, okhala ndi nambala m'malo mwa dzina. Pamenepa tinapulumutsa 4, chifukwa gawo limodzi linapita ku kusindikiza. Msonkhano wotsekera tinauchotsa wonse, 3. Maphunziro a masiku 10 tinawasiya masiku 10 omwewo, koma ogonera tinawasandutsa oyendera, n'kupulumutsa 2. Zoyendetsera ofesi zinatsika zokha ndi gawo limodzi. Anavomera patatha masiku anayi.

Kusintha kwa maphunziro kuja kunali ndi mtengo wake. Anthu ankafika mochedwa, ena ankachoka msanga kukaona ana, ndipo tinawonjezera masiku awiri amene tinawalipira ndi ndalama za bungwe lathu. Ndikanabwerera m'mbuyo ndikanadula pa woyendetsa pulojekiti m'miyezi itatu yoyamba, pamene tinkangodikira chilolezo.

Zimene zinachitika ntchito itayamba

Mwa 12 ophunzitsidwa, 9 anakhoza. Awiri mwa atatu olephera anagwa pa chinthu chimodzi: wonamizira kudwala uja atanena kuti watopa ndi moyo, iwo anasintha nkhani n'kuyamba kumulimbitsa mtima. Pofika sabata ya 10, alangizi awiri anali atachoka, wina atapeza ntchito yokhazikika, wina atasamuka. Tinatsala ndi 7, kuperewera mmodzi pa cholinga choyamba. Tinalibe mzere wophunzitsira olowa m'malo, ndipo ngakhale ukanakhalapo, nthawi yophunzitsa munthu watsopano n'kumuyesa inali itatha. Mpata uja tinasiya poika anthu 12 m'malo mwa 15 ndi umene unatinyamula, chifukwa otsalawo anatha kuwonjezera osapitirira maola awo.

Kupeza odwala kunavuta kuposa mmene tinkaganizira. Tinkafunsa anthu pafupifupi 6 kuti tipeze mmodzi, osati anayi, ndipo masiku a ofunsa mafunso anatha msanga. Mayendedwe nawonso anapitirira, chifukwa alangizi sankatha kuika anthu awiri kapena atatu tsiku limodzi monga tinalembera. Odwala ankasankha nthawi zosiyanasiyana, ena pofuna kuti anzawo asawaone. Mgwirizano wathu unkalola kusuntha ndalama pakati pa mizere mpaka 10 peresenti ya mzere popanda chilolezo, ndipo mayendedwe anafunika zoposa pamenepo. Tinalemba kalata mwezi wachitatu wothandiza odwala, ndalama zisanathe, n'kulozera chiganizo cha m'pempho chimene chinanena za anthu awiri kapena atatu pa ulendo. Popeza nambala yongoyerekezayo inalembedwa, zinali zosavuta kuonetsa kuti yaphonya pati komanso ndi zingati. Anatilola kutenga pa alawansi ya mlangizi wachisanu ndi chitatu uja amene kunalibe.

Wowerengera ndalama anafuna kuti titengeko pa thumba lotumizira odwala, popeza pofika nthawiyo linali litagwiritsidwa ntchito pang'ono. Namwino anakana, ndipo patangotha masabata awiri tinaona chifukwa chake. Mayi wina, pa kukumana kwachitatu, anauza mlangizi wake kuti wasonkhanitsa mankhwala ndipo wasankha tsiku. Mlangiziyo anali mtsikana wofatsa amene anakhoza mayeso movutikira. Sanamusiye mayiyo yekha. Anaimba foni ali naye pomwepo, namwino anafika pasanathe maola awiri, ndipo mayiyo atalola anaitana mchemwali wake amene anakachotsa mankhwalawo m'nyumba. Thumba lija linalipira ulendo wa mayiyo ndi mchemwali wake kuchipatala tsiku lomwelo, ndi maulendo ena atatu obwererako. Mtsikanayo anandiuza pambuyo pake kuti manja ankanjenjemera, koma funsolo anali atalifunsa kambirimbiri m'masewero a gulu lawo moti linangotuluka lokha.

Sikuti zonse zinayenda chonchi. Anthu 14 anayankha kuti inde pa funso la maganizo odzipha, ndipo 13 analankhula ndi namwino pasanathe maola 24. Mmodzi anadikira masiku atatu. Namwino anali atadwala, foni inali m'chikwama chake, ndipo wofunsa mafunso analemba uthenga n'kuganiza kuti wafika. Bamboyo anapezeka ali bwino, koma umenewu unali mwayi chabe. Cholakwacho chinali cha bajeti yanga. Ndinawerengera maola 16 a munthu mmodzi ngati kuti munthuyo sadwala kapena kupuma, ndipo sindinaike ngakhale tsiku limodzi la wogwirizira. Tinalemba nkhaniyi ku komiti ndi kwa opereka ndalama sabata yomweyo, tinapangana ndi wachipatala wina kuti azigwirizira, ndipo tinasintha lamulo kuti uthenga wolemba suwerengedwa mpaka munthu ayankhe ndi mawu.

Pamapeto pa miyezi 18

Tinalandira anthu 88 m'malo mwa 96. Omaliza kukumana kanayi kapena kasanu anali 61, amene ndi 69 pa 100. Akanakhala 62 tikanadutsa malire a 70. Panali amayi awiri amene anakumana ndi alangizi katatu n'kulankhula nawo kamodzi pafoni kwa mphindi 20, ndipo ena mu ofesi anati tiwawerengere. Ndinayesedwa ndithu. Koma pempho linanena za kukumana kwa mphindi 90, ndipo malire amene amasuntha munthu ataona zotsatira sathandiza aliyense. Tinalemba 61, n'kuwatchula amayi awiriwo m'ndime yapadera.

Titayang'ana 27 amene sanamalize, ambiri anasiya pakati pa kukumana koyamba ndi kwachiwiri, ndipo amene tinawapeza anatchula mtunda ndi kutalika kwa nthawi ya kukumana. Malikisi a PHQ-9 anatsika kwa ambiri mwa amene tinawafunsanso, ndipo tinawalemba m'lipoti pamodzi ndi chenjezo loti panalibe gulu loyerekezera. Pa mtengo, tinapeza kuti zoyambira zikachotsedwa, woyang'anira ndi alawansi ndi zimene zimadya gawo lalikulu la ndalama za mwezi ndi mwezi, ndipo munthu mmodzi anadya maola pafupifupi 18 a mlangizi, osati 16. Awiri owonjezerawo anali a ulendo.

Malinga ndi malire amene tinaika tokha, ntchitoyo inagwera pakati, pofunika kukonza isanakule. Opereka ndalama anatipatsa miyezi ina 9 yoyesera zosinthazo. M'bajeti yatsopanoyo tawerengera maola 18 pa munthu, taika malo awiri okumanirako m'malo mwa amodzi, tiphunzitsa alangizi 14 pofuna 8, ndipo pansi pa mzere wa woyang'anira pali mzere wa wogwirizira, tsiku limodzi pa masabata awiri alionse kuphatikizapo masiku onse a tchuthi cha namwino. Alangizi 7 aja onse avomera kupitiriza, ndipo awiri mwa iwo azithandiza kuyesa atsopano m'masewero.